Kusaka ndi giridi kapena ndi maere: masamu a batire ya mphindi 40

Laputopu yanga ikadzaza moto imagwira ntchito pafupifupi mphindi 40, kenako imathima. Kwathu kuno ku Tsangano ndimaitchaja ndi sola, ndipo aliyense wodziwa mapiri a kuno akudziwa kuti nthawi ya dzinja dzuwa limabwera ngati mlendo. Nkhungu ikhoza kukuta tsiku lonse. Ndiye amene amaphunzitsa kompyuta ndi deta ali kuno amawerenga mphindi ngati mmene amayi amawerengera ufa wa m'dengu mwezi wa Febuluwale. Funso loti usake bwanji mahaipaparamita abwino, kaya ndi giridi kaya ndi maere, kuno ndi funso loti ntchito itha kapena ayi batire isanafe.

Ndiyambe ndi chimene ndinkafuna kudziwa. Tsangano ndi kwawo kwa mbatata ya kachewere. Amene wadutsa pa Tsangano Turn-off pa msewu wa M1 waona yekha matumba ndi zidebe zitandandalika m'mbali mwa msewu. Mdani wamkulu wa mbewuyi ndi chiwawu, matenda okonda nyengo yozizira ndi yachinyontho, omwe aja anagwetsa njala yoopsa ku Ireland kuyambira 1845. Chikalowa m'munda masamba amada ngati awauka ndi moto, ndipo m'masiku owerengeka munda wonse umatha. Mankhwala opopera ndi odula. Amalume anga, omwe amalima Rosita ndi Violet, anandifunsa funso losavuta kumva koma lovuta kuyankha: kodi kompyuta ingawauze sabata imene chiwawu chibwere, kuti asamapopere mwachimbulimbuli?

Ndinayenda m'minda 60 ya abale ndi anansi, uliwonse kasanu, kamodzi pa sabata. Ulendo uliwonse ndinkalemba zinthu monga masiku amene mvula yagwa sabata imeneyo, m'mawa mungati munali nkhungu, mtundu wa mbewu, masiku chibzalire, ndi ngati munda woyandikana nawo wagwidwa kale. Sabata yotsatira ndinkalemba yankho: chiwawu chaoneka kapena ayi. Ulendo umodzi ndi mzere umodzi m'tebulo, ndiye mizere yonse inali 300. Kwa anthu a deta imeneyi ndi nyenyeswa chabe, koma kwa miyendo yanga inali masabata a matope.

Minda 10, kutanthauza mizere 50, ndinaiika padera n'kuitsekera kuti idzakhale mayeso otsiriza. Yotsala inali minda 50, mizere 250.

Modelo imene ndinasankha ndi `GradientBoostingClassifier` ya mu scikit-learn. Imagwira ntchito pomanga timitengo ta mafunso, kamodzikamodzi. Kamtengo kalikonse kamafunsa mafunso a inde kapena ayi, monga "kodi mvula yapitirira masiku atatu?", ndipo kotsatira kamayesa kukonza zimene tam'mbuyo talakwitsa. Ine ndinaika timitengo 500. Mafunso enieniwo modelo imawapeza yokha kuchokera m'deta. Koma pali zinthu zina zimene siingaphunzire yokha, zimene uyenera kuiuza usanayambe, ngati mmene umatcherera wailesi usanamve nyimbo. Amenewo ndiwo mahaipaparamita. Ndinali ndi anayi. `learning_rate` imanena kuti mawu a kamtengo kalikonse amveredwe kwambiri bwanji. `max_depth` ndi kuchuluka kwa mafunso otsatizana amene kamtengo kangafunse. `min_samples_leaf` ndi mizere yochepetsetsa imene iyenera kutsala kumapeto a nthambi. `subsample` ndi gawo la mizere limene kamtengo kalikonse kamaloledwa kuona.

Kuti udziwe ngati kutchera kwina kuli bwino, umagawa deta m'zigawo zisanu. Umaphunzitsa ndi zinayi n'kuyesa ndi chachisanu, kenako n'kusinthanitsa mpaka chigawo chilichonse chitakhalapo choyesera. Choncho kuyesa kamodzi ndi kuphunzitsa kasanu. Pa laputopu yanga kuphunzitsa kamodzi kumatenga masekondi awiri kapena kuyandikira apo, ndiye kuyesa kutchera kumodzi ndi masekondi 10. Nambala imeneyi iyezeni inunso musanayambe chilichonse, chifukwa ndiyo mtengo wa katundu amene mukugula.

Njira ya giridi ndi yadongosolo. Umasankha manambala angapo pa haipaparamita iliyonse, kompyuta n'kuyesa kuphatikiza kulikonse kotheka. Manambala asanu pa iliyonse mwa zinayi zija ndi 5 × 5 × 5 × 5, kutanthauza 625. Kuchulukitsa ndi masekondi 10 zikupitirira mphindi 100. Batire yafa kawiri ndi theka. Manambala anayi ndi 256, pafupifupi mphindi 43, ndipo batire yaperewerabe. Imene ikukwana ndi ya manambala atatu: mayesero 81, mphindi 13 ndi theka. Ndinaika `learning_rate` pa 0.003, 0.03 ndi 0.3, zinazo nazonso atatuatatu.

Apa ndi pamene pali vuto lobisika. Mwa mayesero 81 amenewo, `learning_rate` yayesedwa pa manambala atatu basi, iliyonse kubwerezedwa ka 27. Ngati zili zoti `subsample` ndi `min_samples_leaf` sizisintha kwenikweni zotsatira pa deta yanga, ndiye kuti ambiri mwa mayesero 27 aja akungofunsa funso lomwelo mobwereza, batire ikutha.

Taganizani munda wa m'mbali mwa phiri, monga yathu kuno. Chonde chimasintha ukamatsika: kumtunda nthaka yakokoloka, kumunsi madzi amadikha, pabwino pali penapake pakati. Koma ukamayenda chopingasa pa msinkhu umodzi, nthaka imakhala yofanana ndithu. Wapatsidwa mpata wokumba malo 9 okha. Ukakumba mwadongosolo, atatu kumtunda, atatu pakati, atatu kumunsi, waona misinkhu itatu yokha. Ukaponya miyala 9 utatsinzina n'kukumba pamene yagwera, waona misinkhu 9 yosiyana. Mayenje ndi omwewo, thukuta ndi lomwelo, koma wachiwiri wadziwa zambiri za phirilo. Ndipo sanafunike kudziwiratu kuti chonde chimasintha chotsika osati chopingasa.

Imeneyi ndiyo mfundo imene James Bergstra ndi Yoshua Bengio a pa yunivesite ya Montreal ku Canada anaionetsa mu 2012 mu Journal of Machine Learning Research. Anapeza kuti pa deta zambiri, mahaipaparamita ochepa okha ndiwo amakhala ofunika kwenikweni, komanso kuti ofunikawo amasiyana kuchoka pa deta ina kupita pa ina. Sungadziwiretu kuti ndi ati. Giridi imagawa mphamvu zako mofanana pakati pa ofunika ndi osafunika. Kusaka kwa maere, kumene kompyuta imangotola nambala iliyonse mwamwayi pakati pa malire amene waika, kumapereka nambala yatsopano ya haipaparamita iliyonse pa yesero lililonse. Mayesero 60 a maere ndi ma `learning_rate` 60 osiyana, pamene giridi ya 81 inandipatsa atatu.

N'chifukwa chiyani 60? Pali masamu ake osavuta. Tiyerekeze kuti kutchera konse kotheka mkati mwa malire ako kwandandalikidwa kuyambira kwabwino kwambiri mpaka koipa. Ukufuna kugwera pa 5 oyambirira mwa 100 alionse. Maere amodzi ali ndi mwayi wa 0.95 wophonya. Kuti maere 60 onse aphonye, mwayi wake ndi `0.95^60`, pafupifupi 0.046. Ndiye mwayi woti amodzi agwerepo ndi woposa pang'ono 95 pa 100. Ukachita 30 okha, mwayi umatsika kufika pa 78 kapena kuyandikira apo. Chosangalatsa n'choti nambala ya mahaipaparamita siikuoneka m'masamu amenewa, pamene giridi imafufuma katatu nthawi iliyonse ukawonjeza imodzi. Koma lonjezo limeneli lili ndi polekezera pake. Likunena za abwino a mkati mwa malire amene waika iwe mwini. Ukaika malire kolakwika, udzapeza mbatata yabwino kwambiri ya m'thumba lowola.

Nayi mmene ndinalembera:

```python
malire = {
    "learning_rate": loguniform(0.003, 0.3),
    "max_depth": randint(2, 7),
    "min_samples_leaf": randint(1, 21),
    "subsample": uniform(0.5, 0.5),
}
saka = RandomizedSearchCV(modelo, malire, n_iter=20,
                          cv=GroupKFold(5), random_state=1,
                          return_train_score=True)
saka.fit(X, y, groups=munda)
```

Muli zinthu zingapo m'mizere imeneyi zimene zimapunthwitsa anthu. Choyamba ndi `loguniform`. Ukatola nambala mofanana pakati pa 0.003 ndi 0.3, maere 9 mwa 10 alionse adzagwera pamwamba pa 0.03, chifukwa danga la kumeneko ndi lalikulu. Koma kwa modelo, kuchoka pa 0.003 kufika pa 0.03 ndi ulendo wofanana ndi kuchoka pa 0.03 kufika pa 0.3, popeza konseko ndi kuchulukitsa ka 10. `loguniform` imagawa maere theka uku theka uko. Chachiwiri ndi `uniform(0.5, 0.5)`. Nambala yachiwiriyo si mapeto, ndi kutalika kwa danga, ndiye izi zikutanthauza kuyambira 0.5 kulekeza 1.0. Ukalemba `uniform(0.5, 1.0)` udzatola mpaka 1.5, ndipo `subsample` imakana nambala yoposa 1.

Chachitatu, chofunika kuposa zonse, ndi `GroupKFold`. Munda uliwonse uli ndi mizere isanu yofanana kwambiri. Ukagawa mizereyo mwachisawawa, sabata yachiwiri ya munda wa amalume imagwera kophunzitsira, yachitatu n'kugwera koyesera. Modelo imangouzindikira mundawo, ngati mwana wa sukulu amene waona mayeso dzulo lake. Malikisi amakwera, ndipo kusaka kumasankha kutchera kodziwa kuloweza. `groups=munda` imaonetsetsa kuti munda wonse uli mbali imodzi. Chigawo chilichonse chinali ndi minda 10, mizere 50.

Mwina mwadabwa kuti ndalemba `n_iter=20` osati 60. Chifukwa chake ndi moto. `RandomizedSearchCV` siisunga kanthu pa diski ikadali pakati pa ntchito, ndiye laputopu ikathima zonse zapita. Ndimagawa ntchito patatu, ndi `random_state` 1, 2 ndi 3, ndipo gawo lililonse likatha, mphindi zitatu ndi pang'ono, ndimasunga `cv_results_` mu fayilo. Popeza maere sadalirana, mayesero 40 osungidwa ndi kusaka kwathunthu kale, kungoti kocheperako. Giridi siili choncho. `GridSearchCV` imatsata mayina mwa alifabeti, ndipo dzina loyamba ndilo limasintha mochedwa kwambiri. Pa ine loyamba linali `learning_rate`. Giridi yoduka patatha mayesero 27, ngakhale utalemba zotsatira zake zonse papepala, yaona 0.003 yokha. Wakumba mayenje 27 kumtunda kwa phiri kokhakokha.

Zotsatira zinali motere. Giridi inapeza kutchera kolondola pa mizere 198 mwa 250, komwe ndi 0.792. Maere anapeza kolondola pa 203, komwe ndi 0.812, ndipo anatenga mphindi 10 m'malo mwa 13 ndi theka. Poyerekeza, munthu wongonena kuti "chiwawu sichibwera" nthawi zonse akanalondola pa 150 mwa 250, komwe ndi 0.60. Ndiye modelo ikuonadi kenakake.

Kodi maere apambana? Apa mpofunika kuugwira mtima. Kusiyana kwa 203 ndi 198 ndi mizere isanu, yofanana ndi munda umodzi basi. Pali njira yoyerekezera kugwedera kwa malikisi otere: `sqrt(p*(1-p)/n)`. Ukaika p pa 0.8 ndi n pa 250, umapeza 0.025. Kutanthauza kuti ndikanayenda minda ina 50 ya m'dera lomweli, malikisi akanatha kukwera kapena kutsika ndi 0.025 popanda kusintha chilichonse, ndipo popeza mizere ya munda umodzi imafanana, kugwedera kwenikweni n'kokulirapo. Kusiyana kwa 0.020 kwamira mmenemo. Mu `cv_results_` muli danga lotchedwa `std_test_score`, losonyeza mmene zigawo zisanu zasiyanirana. Pa opambana anga onse linali cha m'ma 0.05. Chigawo china chinkapereka 0.74, china 0.88, kutchera kuli kumodzimodzi.

Palinso msampha wina. Ukayesa zinthu zambiri pa mizere yomweyomweyo n'kutola yapamwamba, yapamwambayo imakhala ndi luso pang'ono ndi mwayi pang'ono. Anthu 60 akaponya ndalama ka 10 aliyense, mmodzi adzapeza mitu 8 kapena 9, koma si katswiri. Ndiye `best_score_` kawirikawiri imalonjeza zoposa zimene modelo idzachite kumunda, ndipo mayesero akamachuluka bodza limeneli limakula. Pa deta yochepa, mayesero 600 sagula choonadi choposa cha 60. Amagula wopambana wamwayi kwambiri. Pa nkhani iyi yokha, batire ya mphindi 40 ndi mlangizi wabwino: imakuletsa usanayambe kudzinamiza.

Chimene maere anandipatsa chenicheni si wopambana ayi, koma mapu. Nditandandalika mayesero 60 potsata `learning_rate`, chithunzi chinaoneka poyera. Pansi pa 0.006 malikisi anali otsika, ophunzitsira ndi oyesera omwe, chizindikiro choti timitengo 500 tatha modelo isanaphunzire mokwanira. Pamwamba pa 0.15 malikisi ophunzitsira ankafika 1.0 pamene oyesera ankagwa cha m'ma 0.74, chizindikiro cha kuloweza. Pakati pa 0.008 ndi 0.04 panali chigwa chachikulu chabwino, onse ali pakati pa 0.78 ndi 0.81. Nditandandalika potsata `subsample` sindinaone dongosolo lililonse, abwino ndi oipa anali osakanikirana. `max_depth` yaing'ono inkachitako bwino pang'ono. Giridi inali ndi nambala imodzi yokha m'chigwa chija, 0.03, ndipo sikanandiuza kuti chigwacho chayambira pati, chathera pati. Chinthu china choyang'ana pa mapu otere ndi m'mphepete: abwino onse akaunjikana pa malire enieni amene unaika, ndiye kuti chigwa chili kutsidya, futukula malirewo. Anga anali pakati, ndiye panalibe chifukwa chopitirizira.

Sindinatenge wapamwamba kwambiri. Mwa 10 oyambirira, omwe onse anali pakati pa 0.796 ndi 0.812, ndinatenga wosavuta kuposa anzake: `max_depth` 2, `learning_rate` pafupifupi 0.015, `min_samples_leaf` 12, malikisi 0.800. Pamene manambala akulephera kusiyanitsa, kamtengo kofunsa mafunso awiri n'kodalirika kuposa kofunsa 6, chifukwa kali ndi mpata wochepa woloweza minda.

Sindikunena kuti giridi n'njachabe. Mahaipaparamita akakhala awiri okha ndipo onse ndi ofunika, imagwira bwino ntchito. Chitsanzo chodziwika ndi `SVC`, yokhala ndi `C` ndi `gamma`. Kalozera wa Hsu, Chang ndi Lin a pa National Taiwan University, kumene kunachokera LIBSVM, amalangiza giridi yodumpha mochulukitsa, manambala 11 a `C` ndi 10 a `gamma`, mayesero 110, kenako giridi yaing'ono mozungulira pamene paoneka bwino. Pa mizere 250 `SVC` imathamanga kwambiri, ndipo zotsatira ukhoza kuzijambula ngati tebulo n'kuona chigwa ndi maso. Kwa ine malire ali apa: awiri, giridi ilibe vuto, atatu kapena kuposa, ponya maere.

Potsiriza ndinatsegula minda 10 ija, kamodzi kokha. Modelo inalondola pa mizere 38 mwa 50, komwe ndi 0.76, kutsika pang'ono monga mmene ndinkayembekezera. Pa mizere 50 kugwedera kumayandikira 0.06, ndiye nayonso nambalayi si yolumbirirapo. Koma mkati mwake munali chimene amalume ankafuna kumva. Chiwawu chinabweradi ka 20. Modelo inachenjeza ka 14, n'kuphonya ka 6. Inachenjezanso ka 6 pamene kunalibe kanthu.

Nditawafotokozera, anayamba akhala chete, kenako anati, "Mphwanga, ikandinamiza kuti chikubwera, ndataya botolo la mankhwala. Ikandinamiza kuti sichibwera, ndataya munda. Mabodza awiriwa si ofanana."

Ndinawayankha kuti, "Zoona amalume. Ndiye musasiye kupopera chifukwa yanena kuti ayi. Koma ikanena kuti inde, musadikire tsiku lanu lija, mukapopere msanga."

Mawu awo ali ndi malo ake m'kodi. Ukapanda kunena kanthu, kusaka kumawerenga zolakwa zonse mofanana. Ukaika `scoring="recall"`, kumayang'ana kuchuluka kwa chiwawu chenicheni chimene modelo yagwira, ngakhale nayonso njirayi imafuna kusamala, chifukwa modelo yongokuwa "chikubwera" sabata iliyonse imapeza malikisi onse. Kusankha chimene ukuyeza kumasintha wopambana kuposa mmene kusankha giridi kapena maere kumamusinthira.

Ndipo masamu aja a kugwedera akusonyeza kumene ntchito yotsatira ili. Kuti 0.025 itsike kufika theka lake, n iyenera kukula kanayi, kuchoka pa 250 kufika pa 1,000. Ndi minda 200 imeneyo, kapena minda yomweyi kwa zaka zingapo, zomwe n'zabwinonso chifukwa dzinja limodzi silingaphunzitse modelo za dzinja lamvula yochepa. Palibe haipaparamita imene ingapereke zimenezo. Dzinja likubwerali ndagawa makope kwa achinyamata anayi a m'midzi yoyandikana nafe, aliyense minda yake, tsiku lolembera ndi Loweruka.